Kodi lole ya 1,500,000 ibwezadi ndalama zanga, kapena ndikudalira mtengo wodzaigulitsira?

Funso: Ndimakhala ku Ulongwe, ndipo ndikufuna kugula lole yogwiritsidwapo kale ntchito, ya matani anayi, kuti ndizinyamula mbatatesi, chimanga ndi nyemba kuchokera kuno ndi ku Tsangano kupita ku Tete. Lole ndi mametikali 1,400,000. Mapepala, inshulansi ndi kukonza bodi ndi 100,000. Ndili ndi 1,000,000 yanga imene ndimachitira geni ya nyemba, imandipatsa ngati 18 peresenti pachaka, ndipo 500,000 ndikongola kubanki pa 24 peresenti. Nditachotsa dizilo, msonkho, zapamsewu ndi zokonzetsa, ndikuona kuti itsala 420,000 chaka choyamba, 560,000 chachiwiri, 250,000 chachitatu chifukwa cha injini ndi matayala, 520,000 chachinayi ndi 400,000 chachisanu. Kenako ndidzaigulitsa, ndipo mwini wake akuti 700,000 siingavute. Woyendetsa adzakhala mng'ono wanga. Ndikaphatikiza zonse ndikupeza phindu la 1,350,000, koma mwana wanga amene ali pasukulu ya zamalonda akuti ndiwerenge NPV kaye. Ndiwerenge bwanji, popeza zaka zake sizofanana? (Wowerenga wa ku Ulongwe)

Yankho: Bambo, mwana wanuyo wanena zoona, ndipo inu mwachita kale gawo lovuta kwambiri, lolemba chaka chilichonse pachokha osabisa chaka cha injini. Kuphatikiza kwanu sikunalakwike masamu. Chimene chalakwika n'chakuti mwaika m'thumba limodzi ndalama imene mukutulutsa lero ndi ndalama imene mudzaigwire patapita zaka zisanu, ngati kuti zonse n'zolemera mofanana.

Inu nomwe mukudziwa kuti sizolemera mofanana, chifukwa mumachita geni. Wina atakuuzani kuti mumupatse 100,000 lero, adzakubwezereni 100,000 yomweyo chaka chamawa, mungakane, osati chifukwa chomukayikira, koma chifukwa 100,000 ija ikanakhala itazungulira mu nyemba n'kubala ina. Ndiye ndalama ya chaka chamawa tiyenera kuitsitsa kuti tione kuti lero ndi ndalama zingati. Ya zaka ziwiri tiitsitse kawiri, ya zaka zisanu kasanu. Tikatsitsa zonse n'kuziphatikiza, kenako n'kuchotsa zimene mukutulutsa lero, chotsalacho ndiye NPV, imene m'mabuku achipwitikizi imalembedwa VAL. Ine ndimangoitchula kuti phindu la pa mtengo wa lero.

Tiyambe ndi peresenti imene titsitsire, chifukwa zonse zapachikika pamenepo. Peresenti imeneyi si yongotola m'buku. Ndi mtengo wa ndalama zimene zikulowa mu loleyo, ndipo ndalama zanu zikuchokera kuwiri. Magawo awiri mwa atatu ndi anu, ndipo mukawachotsa mu nyemba mwasiya 18 peresenti. Gawo limodzi mwa atatu ndi la banki pa 24 peresenti. Magawo awiri mwa atatu a 18 ndi 12, gawo limodzi mwa atatu la 24 ndi 8, pamodzi 20 peresenti. Tigwiritsa ntchito imeneyo. Musaione ngati yayikulu mopitirira: m'chaka cha 2023 chiwongoladzanja chimene mabanki a muno mu Mozambiki amayambira pobwereketsa chinali pamwamba pa 20 peresenti, ndipo wogula lole yakale sabwereka pa mtengo woyambirawo.

Tsopano tipange zogawira. Tengani makina owerengetsera a pafoni, mulembe 1.2, kutanthauza 1 kuwonjezerapo 20 peresenti yake. Chimenecho ndi chogawira cha chaka choyamba. Chulukitsaninso ndi 1.2 mupeza 1.44, cha chaka chachiwiri. Mukapitiriza mupeza 1.728, kenako 2.0736, kenako 2.48832 cha chaka chachisanu. Ndalama ya chaka chilichonse muigawe ndi chogawira cha chaka chakecho, basi. Zaka kusafanana sikukuvutitsa chilichonse apa. Kungotiletsa njira yachidule yochulukitsa kamodzi, imene imagwira pokhapokha ndalama ikamabwera yofanana chaka ndi chaka.

```
Chaka   Ndalama     Chogawira   Mtengo wa lero
1       420,000     1.2         350,000
2       560,000     1.44        388,889
3       250,000     1.728       144,676
4       520,000     2.0736      250,772
5       400,000     2.48832     160,751
5       700,000     2.48832     281,314
```

Mizere isanu yoyambirira ndi ya ntchito ya lole, ndipo ikaphatikizidwa ikukwana 1,295,088. Mzere womalizawo ndi wogulitsa lole. Ndauika pawokha dala, ngakhale kuti uli m'chaka chomwecho chachisanu ndipo chogawira chake n'chimodzimodzi, kuti muuone bwino. Zonse pamodzi ndi 1,576,402. Mukachotsa 1,500,000 imene mukutulutsa lero, imene sitiigawa ndi kanthu chifukwa ndi ya lero kale, patsala 76,402.

Ndiye 1,350,000 ija yatsika kufika pa 76,402. Musamve molakwa nambala imeneyi. Sikutanthauza kuti m'zaka zisanu mudzangopeza 76,402 yokha. Ikutanthauza kuti loleyo ibweza 1,500,000 yonse, ilipira banki 24 peresenti yake, ikupatsani 18 peresenti imene nyemba zikanakupatsani, kenako pamwamba pa zonsezo ikuwonjezerani 76,402 ya lero. Nambalayi ikakhala pamwamba pa ziro, lole ikuposa kusiya ndalama pamene zili. Ikakhala pansi pa ziro, kuli bwino ndalamayo ikhale mu nyemba. Yanuyi ili pamwamba, koma pang'ono kwambiri: pa 100 iliyonse imene mwaika, mwapambana ndi 5 yokha. Malire opyapyala chotere amafuna kuti tifufuze kuti aima pa chiyani.

Aima pa mawu a munthu amene akukugulitsani lole. Taonaninso tebulo lija. Ntchito yonse ya zaka zisanu, maulendo onse otsika ku Angonia kudzera ku Moatize mpaka kumsika wa Kwachena, ikubweretsa 1,295,088 pa mtengo wa lero. Imeneyi siikukwana kubweza 1,500,000. Ikupereŵera ndi 204,912. Dzenje limeneli lidzakwiriridwa ndi tsiku limodzi lokha, tsiku logulitsa lole. Funso loyenera kudzifunsa si lakuti lole idzagulidwa zingati, chifukwa palibe akudziwa. Funso n'lakuti: kodi mtengo wotsikitsitsa umene ndingaigulitsire osaluza ndi uti? Limenelo lili ndi yankho. Tengani 204,912 muchulukitse ndi 2.48832 kuti muipititse kuchaka chachisanu, mupeza pafupifupi 510,000. Mukadzaigulitsa pamwamba pa 510,000 mwapambana, pansi pake mwaluza. Pa 500,000 phindu la pa mtengo wa lero likhala pansi pa ziro ndi 3,973.

Apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo. Lole imene mukugula ndi yogwira kale ntchito. Muiwonjezera zaka zisanu za matumba a mbatatesi, misewu ya ku Tsangano nthawi ya dzinja, kuzizira kwa kumtunda ndi kutentha kwa m'chigwa cha Zambezi pa ulendo umodzi womwewo. Kodi ikadzatero idzagulidwa pa theka la mtengo wa lero, monga akunenera mwini wake? N'zotheka, koma iye si woyenera kumufunsa, chifukwa mawu amenewo ndi mbali ya malonda ake. Pitani kwa amakaniko awiri kapena atatu a ku Ulongwe ndi ku Tete, muwafunse za lole ya mtundu womwewo imene ili yakale ndi zaka zisanu kuposa iyi, yoyenda mtunda wochuluka, kuti inagulitsidwa zingati posachedwapa. Mufunse ndalama imene inaperekedwadi, osati imene inalembedwa pagalasi. Pa mtengo umenewo muchotse zimene mudzawononge pogulitsa: kupenta, batire, tayala limodzi kapena awiri oti ioneke, kachigawo ka amene adzakupezereni wogula, ndi msonkho ngati ulipo. Chotsalacho ndicho cholemba mumzere womaliza.

Ndinaonapo lole ina kumbali ya ku Domwe imene mwini wake ankaiwerengera ndalama zambiri ndithu. Wogula atabwera sanayang'ane penti kapena mipando. Anagona chagada pansi pake ndi tochi, n'kumakanda chasisi ndi sikuludalaiva pafupi ndi pomwe pamangidwa masipuling'i akumbuyo. Dzimbiri linayoyoka ngati makoko, ndipo pansi pake panaoneka pomwe anaotchererapo kale mng'alu. Anadzuka, n'kudzikuntha fumbi, n'kutchula mtengo wa injini ndi giyabokosi zokha. Loleyo inakhala pamiyala kuseri kwa nyumba mpaka nkhuku zinayamba kuikira m'kabini. Chasisi yotha chifukwa chonyamula mopitirira muyezo siimaoneka m'buku la ndalama chaka chilichonse. Imadzaoneka kamodzi, pa tsiku logulitsa. Choncho mukamawonjezera matumba pamwamba pa matani anayi kuti chaka chachiwiri chikwane 560,000, dziwani kuti mukudya 700,000 ija pang'onopang'ono. Nambala ziwirizi n'zolumikizana, musazilembe ngati sizidziwana.

Pa mzere womalizawu pali zolakwa ziwiri zimene ndimaziona kawirikawiri. Ena amatsitsa zaka zisanu bwinobwino koma ndalama yogulitsira n'kuiphatikiza yathunthu, poganiza kuti lole ndi katundu amene ali nawo kale. Mukatero mupeza 495,088 m'malo mwa 76,402, ndipo mudzagula lole mukumwetulira pa phindu limene kulibe. Ena amaikankhira kuchaka chachisanu ndi chimodzi, poganiza kuti kugulitsa kumabwera ntchito ikatha. Ngati mudzagulitsa kumapeto kwa chaka chachisanu, chogawira chake ndi cha chaka chachisanu. Koma ngati mukuona kuti lole idzaima chaka chathunthu kudikira wogula, pamenepo gawanidi ndi 2.985984, ndipo 700,000 idzasanduka 234,429. Kudikira wogula chaka chimodzi kukudyerani pafupifupi 47,000 ya lero, lole ili chiimire.

Pali mbali ina imene ingakukomereni, ndipo ndi bwino ndiitchule. Malole amachokera kunja, ndiye metikali ikagwa mitengo ya malole akale imakwera nawo. M'chaka cha 2016 metikali inagwa kwambiri poyerekeza ndi dola, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho mitengo ya zinthu inali itakwera ndi peresenti yoposa 20. Zoterezi zikadzachitikanso mungadzagulitse lole pa nambala yayikulu kuposa 700,000. Koma nthawi yomweyo dizilo, matayala ndi masipeyala zimakwera, chiwongoladzanja cha banki chimakweranso, pamene alimi a mbatatesi savomera msanga kuti mukweze mtengo wa thumba. Musamangire chiyembekezo pamenepo. Chofunika n'chakuti nambala zonse zikhale za mtundu umodzi. Peresenti yathu ya 20 yachokera ku phindu la nyemba ndi ku chiwongoladzanja cha banki, zimene zili kale ndi kukwera kwa mitengo mkati mwake. Choncho ndalama za zaka zisanuzo, pamodzi ndi yogulitsira, zikhale zimene mudzazigwiredi m'manja chaka chimenecho, osati za pa mitengo ya lero. Ngati munawerenga zonse pa mitengo ya chaka chino, muzikweze pang'ono chaka ndi chaka, zolowa ndi zotuluka zomwe, musanazigawe.

Tsopano za kusafanana kwa zaka. Mwaika chaka cha injini pachitatu. Ndani wakuuzani kuti injini idzadikira mpaka pamenepo? Lole yogula kwa munthu imakonda kuulula matenda ake m'miyezi yoyambirira, mwini watsopano akangoikweza phiri ili ndi katundu. Tiyeni tisinthanitse: chaka choyamba chikhale cha 250,000, chachitatu cha 420,000. Mukaphatikiza mwachizolowezi palibe chasintha, phindu likadali 1,350,000. Koma 250,000 kugawa ndi 1.2 ndi 208,333, ndipo 420,000 kugawa ndi 1.728 ndi 243,056. Ziwirizi pamodzi ndi 451,389, pamene poyamba zaka ziwiri zomwezi zimapereka 494,676. Mwataya 43,287, ndipo 76,402 ija yatsala 33,115. Ndalama ndi yomweyo, changosintha ndi chaka chimene vuto lafikira, koma phindu loposa theka lapita. N'chifukwa chake sitimatenga pakatikati pa zaka zisanu n'kunena kuti 430,000 chaka chilichonse. Ndipo n'chifukwa chake ndalama imene mungapatse makaniko wodalirika kuti ayeze mphamvu ya injini, aone utsi, madzi ndi oyilo musanalipire, ndi ndalama yogwira ntchito kuposa zonse mu nkhaniyi.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi chiganizo chachifupi chija, chakuti woyendetsa adzakhala mng'ono wanu. Pa zimene mwachotsa mwatchula dizilo, msonkho, zapamsewu ndi zokonzetsa. Malipiro a dalaivala sindikuwaona. Ngati munawachotsa kale n'kuiwala kulemba, zili bwino. Ngati simunawachotse chifukwa ndi m'bale, ndiye kuti phindu limene mukuona si la lole, ndi thukuta la mng'ono wanu. Munthu sangayendetse makilomita oposa 200 kupita ndi ena otero kubwerera, kugona m'kabini kudikira kutsitsa, kwa zaka zisanu, osalandira kanthu. Adzakwatira, kapena ana adzafuna sukulu, ndipo adzapempha malipiro kapena adzachoka, inu n'kulemba wina. Ngakhale mukanati muziyendetsa nokha, ndikanakuuzani chimodzimodzi, chifukwa masiku amene muli pamsewu simuli pa nyemba.

Tingoyerekeza kuti mukumupatsa 8,000 pamwezi. Inu muikepo nambala imene madalaivala akulandiradi kwanuko. Pachaka ndi 96,000. Popeza iyi ndi yofanana chaka chilichonse, tikhoza kugwiritsa ntchito njira yachidule ija. Metikali imodzi yobwera chaka chilichonse kwa zaka zisanu pa 20 peresenti ndi 2.9906 ya lero. Nambala imeneyi mumaipeza pogawa 1 ndi chogawira chilichonse mwa zisanu zija n'kuphatikiza. Ndiye 96,000 kuchulukitsa ndi 2.9906 ndi pafupifupi 287,000. Chotsani pa 76,402, mupeza kuti muli pansi pa ziro ndi pafupifupi 211,000, ngakhale lole itadzagulidwa pa 700,000. Ikadzagulidwa pa 500,000, muli pansi ndi pafupifupi 291,000.

Zinthu ziwiri zokha musazichotse pa ndalama za chaka, ngakhale wina atakuuzani. Choyamba ndi zimene mukubweza kubanki. Mtengo wa ngongole uli kale mu 20 peresenti ija, ndipo 500,000 yobwerekayo ili kale mu 1,500,000. Mukachotsanso zobweza mwezi ndi mwezi mwailipira banki kawiri papepala. Chachiwiri ndi kutha mtengo kwa lole kumene owerengera ndalama amalemba chaka chilichonse m'mabuku. Imeneyo si ndalama yotuluka m'thumba. Kutha kwa lole tawerenga kale pamene tagula pa 1,400,000 n'kugulitsa pa mtengo wotsika.

Ndisakusiyeni ndi mbali imodzi yokha. Tebulo lathu likuwerenga ngati kuti ndalama ya chaka chonse imafika tsiku lomaliza la chaka, pamene lole imabweretsa ndalama ulendo uliwonse. Choncho tebulo likuipondereza pang'ono. Tikati ndalama ya ntchito imafika pakati pa chaka, timachulukitsa mtengo wake wa lero ndi 1.0954, nambala ya theka la chaka imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 1.2, ndipo 1,295,088 ikwera ndi pafupifupi 124,000. Ndalama yogulitsira siikwera nawo, chifukwa imeneyo imafikadi kumapeto. Si yaing'ono, koma siikwanitsa kukwirira malipiro a dalaivala: tikawerenga zonse motero, ndi dalaivala wolipidwa, mukadali pansi pa ziro ndi pafupifupi 114,000 pa mtengo wogulitsira wa 700,000, ndi pafupifupi 195,000 pa 500,000. Chimene mungatolepo apa ndi mwezi wogulira. Lole yogulidwa mu Epulo, zokolola zikuyamba kutuluka m'minda, imayamba kubweza msanga. Yogulidwa mu Disembala imayamba ndi matope ndi katundu wochepa, chiwongoladzanja chili kuwerengedwa.

Za peresenti ija, yesaninso ndi ina kuti muone kulimba kwa yankho. Pa nambala zanu zoyambirira, popanda malipiro a dalaivala, 15 peresenti ikupereka pafupifupi 297,000 pamwamba pa ziro, 25 peresenti ikupereka pafupifupi 104,000 pansi, ndipo pa 22 peresenti yankho likugwera pafupifupi pa ziro. Tanthauzo lake n'lakuti lole imeneyi, zonse zikayenda monga mwalembera, imabala 22 peresenti pachaka. Ikani nambala imeneyo pambali pa 24 ya banki. Metikali iliyonse yobwereka ikukudyerani zambiri kuposa zimene ikubala mu lole. Mukanabwereka 1,500,000 yonse, yankho likanakhala lokana popanda kukambirana. Ndipo ngati chiwongoladzanja cha ngongoleyo n'chosinthasintha, funsani musanasaine, chifukwa pakati pa 20 yathu ija ndi 22 ya lole pali mapointi awiri okha.

Mwana wanu akafuna kuziika pakompyuta, alembe -1500000 mu B1, ndalama za zaka mu B2 mpaka B6, ndipo mu B6 aike 1100000, kutanthauza 400,000 ya ntchito ndi 700,000 yogulitsira pamodzi. Mu Excel ya Chingerezi alembe mzere woyambawu. Mu ya Chipwitikizi cha ku Portugal wachiwiriwu, ndipo ya ku Brazil dzina lake ndi VPL.

```
=NPV(20%,B2:B6)+B1
=VAL(20%;B2:B6)+B1
```

Aonetsetse kuti B1 ili kunja kwa mabulaketi. Kompyuta imatenga nambala yoyamba ya m'mabulaketi ngati ya kumapeto kwa chaka choyamba, ndiye akaikamo B1 zaka zonse zimasunthira kutsogolo ndi chimodzi ndipo yankho limatuluka 63,668 m'malo mwa 76,402. Akaona nambala imeneyo adziwe pomwe palakwika. Asasiyenso kabokosi kopanda kanthu pa chaka chimene lole sinabweretse ndalama. Alembemo 0, apo ayi kompyuta idumpha chakacho n'kukokera zaka zotsatira pafupi.

Chinthu chimodzi chimene kuwerenga kumeneku sikukuuzani ndi chakuti mudzakhala ndi ndalama m'manja pa tsiku limene banki ikufuna yake. Ngongole ya 500,000 pa 24 peresenti, ikakhala ya zaka zitatu yobweza mwezi ndi mwezi, ndi pafupifupi 19,600 pamwezi, kapena 235,000 pachaka. Chaka cha injini chikubweretsa 250,000, dalaivala asanalipidwe. Ndipo ndalama ya injini imatuluka kamodzi, lole itaima, osati pang'onopang'ono. Ngati mugula, ndalama ya chaka chachiwiri musaigwire yonse.

Ndiye mugule kapena ayi? Pa nambala zimene mwanditumizira, ndi dalaivala wolipidwa komanso mtengo wogulitsira wa 500,000 umene ine ndingaukhulupirire kuposa 700,000 mpaka amakaniko atanena zina, ine sindikanagula pa 1,400,000. Koma pali zitseko ziwiri, ndipo kuwerenga komweku kukuonetsa kukula kwake. Choyamba ndi mtengo wogulira. Metikali iliyonse imene mwatsitsa lero ndi metikali yathunthu pa phindu lanu, pamene metikali iliyonse yowonjezera pa mtengo wodzagulitsira ndi masentavo 40 okha a lero. Mwini lole akamakuuzani kuti idzagulidwa modula, mumuuze kuti atsitse lero; 100,000 yotsitsidwa lero ikufanana ndi pafupifupi 250,000 ya pa tsiku logulitsa. Kuti dzenje la 291,000 litsekeke ndi mtengo wokha, lole iyenera kutsika kufika cha m'ma 1,110,000, ndipo mwina sangalole kufika pamenepo.

Chitseko chachiwiri ndi ulendo wobwerera. M'kalata mwanena za katundu wopita ku Tete, simunanene za wochokera ku Tete. Dzenje la 291,000 mukaligawa ndi 2.9906 ndi pafupifupi 97,000 pachaka, kapena 8,100 pamwezi. Lole ikamakwera kubwerera ku Angonia ilibe kanthu, dizilo wapita kale, dalaivala walipidwa kale. Simenti, malata, katundu wa m'magolosale, feteleza nyengo yake ikafika, nsomba zouma zochokera ku Cahora Bassa, zonsezi zimakwera mtunda womwewo. Ngati mungapeze eni masitolo awiri kapena atatu a ku Ulongwe amene angakupatseni katundu wotsala ndi 8,100 pamwezi mutachotsa dizilo wowonjezera ndi onyamula, dzenjelo latsekeka. Mukaphatikiza ndi kutsitsa mtengo ngakhale ndi 100,000, mwayamba kuona phindu limene silikudalira 700,000 ya mwini lole ija. Kambiranani nawo eni masitolowo musanagule, mumve mtengo umene akulipira panopa ndi amene akuwanyamulira, kenako mulembenso mizere isanu ija ndi nambala zatsopano, dalaivala ali mkati, ndi mtengo wogulitsira wochokera kwa amakaniko.